Kilachi ikuterera pachitunda, nyutulo sikupezeka: nditchune kebulo kapena ndisinthe mapuleti?

"Amakaniko, ine ndimachita kabaza pakati pa Limbe ndi Bangwe. Njinga yanga ndi ya 150, ya injini zija za mtundu wa CG. Masabata apitawa ndikanyamula munthu ndi thumba la chimanga, pachitunda injini imangolira koma njinga osathamanga. Mnzanga wapasiteji anamasulako kebulo ya kilachi ndipo zinachepako, koma tsopano nyutulo sikupezeka injini ikamalira, komanso ndikaima ndili m'giya njinga imafuna kuyendabe ngakhale ndagwira kilachi. Makaniko wina akuti ndigule mapuleti, wina akuti ndi oyilo, poti ulendo watha ndinathira wa galimoto wa m'botolo la pamsewu. Ndalama zikuvuta. Ndiyambire pati?"

Achimwene, musagule kaye kanthu. Yambirani pa kebulo, kenako oyilo, ndipo chivundikiro cha injini mutsegule pomalizira. Ntchito ya pa kebulo siidya ndalama, imangofuna sipanala ziwiri ndi rula ya mwana wasukulu, koma ndi imene ingakuuzeni ngati vuto lili kunja kapena m'kati.

Kuseri kwa chivundikiro cha kumanja kwa injini kuli mulu wa mapuleti osanjikizana, ya fayiba, yachitsulo, ya fayiba, yachitsulo, onse akusamba mu oyilo yemwe uja wa injini. Pa Honda CG125, imene injini zambiri za kabaza anakopera, a fayiba amakhala asanu, achitsulo anayi. A fayiba amazungulira limodzi ndi basiketi, imene imazunguzidwa ndi injini. Achitsulo amazungulira limodzi ndi habu yapakati, imene imatumiza mphamvu kumagiya. Chimene chimapanikiza mulu wonsewu kuti ugwirane ndi masipuling'i anayi, palibenso china. Liva ya kudzanja lanu lamanzere ndi kebulo yake siziwonjezera kugwira ngakhale pang'ono, ntchito yake ndi kulekanitsa mapuleti basi. N'chifukwa chake kumanga kebulo sikungachize kilachi yoterera, kumangoiwonjezera matenda. Mnzanu uja anaganiza bwino pomasula. Chimene sindikudziwa n'chakuti anamasula motani, ndipo mwina anapitirira muyezo.

Dziwaninso kuti mukagwira liva mpaka kufika pahandulo, mulu uja umangotseguka milimita imodzi kapena awiri, ndipo kampata kameneko amagawana mapuleti onse. Kebulo ikakhala yothina, masipuling'i sapanikiza mokwanira, kilachi imaterera. Ikakhala yolendewera kwambiri, liva imatha ulendo wake mapuleti asanalekane bwino, kilachi imakoka. Pakati pa ziwirizi pali malo amene kilachi yabwinobwino siiterera komanso siikoka. Funso lonse la kutchuna kapena kusintha lagona pamenepa: kodi malo amenewo akadalipo pa njinga yanu, kapena anatha?

Poyamba tsimikizani kuti ndi kilachidi imene ikuterera. Injini itenthe kaye, muyende nayo mphindi khumi kapena kuposerapo, chifukwa kilachi yotopa imabisa matenda ake oyilo akadali wozizira. Pamsewu woongoka wopanda anthu ambiri, lowetsani giya yomaliza mukuyenda pang'onopang'ono, cha m'ma 40 pa sipidomita, dzanja muchotseretu pa liva, kenako mupatse moto wonse kamodzi. Kilachi yabwino imachititsa injini kubuula, kulira kwake kumakwera pang'onopang'ono limodzi ndi liwiro. Yoterera imalola injini kukuwa nthawi yomweyo pamene singano ya sipidomita ili pomwepo, ndipo mukabweza moto pang'ono mumamva ikugwiranso. Kuterera kumayambira m'magiya apamwamba ndi pakatundu wolemera, n'chifukwa chake inu munakuonera pachitunda. Mu giya wani kumafika matenda atakula kale.

Pali zinthu zina zimene zimanamizira kilachi. Injini yofooka, kaya chifukwa cha pulagi, kabuleta kapena sefa ya mpweya yodzaza fumbi, imalepheranso chitunda, koma iyo siikuwa, imangofota. Buleki yakumbuyo yothina imachitanso chimodzimodzi, ndipo mukakhudza dilamu mukaima mumapeza yatentha. Tcheni cholumpha pa sipuloketi yakutha mano chimagwedeza njinga ndi phokoso la kha kha kha, pamene kilachi imaterera mosalala popanda kugogoda. Chizindikiro china chili pa kiki. Pa njinga zimene kiki yake siiliza injini mukagwira kilachi, mphamvu ya mwendo wanu imadutsa m'mapuleti omwewo. Ngati masiku ano kiki imangotsika yofewa osatembenuza injini, mapuleti sakugwirana.

Tsopano mpata wa pa liva, umene ambiri amangoti puleyi. Njinga iime, handulo yoongoka, injini itazirala. Kokani liva ndi chala chimodzi mopepuka mpaka pamene yayamba kulimba. Ulendo wofewa umenewo, mukauyeza kunsonga kwa liva kumene kuli kampira kachitsulo, uyenera kukhala mamilimita 10 mpaka 20. Ndiwo muyezo umene Honda amapereka pa njinga zamtunduwu, ndipo za makampani ena sizitalikirana nawo. Ine ndimakonda 15. Ena amayeza patsinde pa liva, pamene imapatukana ndi chogwirira chake, ndipo pamenepo ndi mamilimita 2 kapena 3. Musasokoneze miyezo iwiriyi. Ndaonapo anthu akuika 15 patsinde, kenako n'kumadabwa kuti giya sikulowa.

Potchunira pali pawiri. Pamwamba, pamene kebulo imalowa m'chogwirira cha liva, pali kabawuti kobooka ndi kagudumu kotsekera, pansi pa mphira uja wotchinga fumbi. Pansi, pafupi ndi injini, kebulo imadutsa m'kachitsulo kogwirira ndipo pali manati awiri. Ntchito yaikulu ichitikire pansi. Lowetsani kabawuti kapamwamba mpaka kumapeto n'kukabweza kamodzi kapena kawiri, mukonze mpata ndi manati apansi mpaka uyandikire 15, kenako mumalizire pamwamba. Kabawuti kapamwamba kakatuluka kwambiri, kamangogwira ndi timizere tiwiri kapena titatu ndipo tsiku lina kamathyoka. Mukamaliza, potozani handulo mpaka kumanzere, muyeze, mpaka kumanja, muyezenso. Ngati mpata ukutha handulo ikapita mbali imodzi, kebulo inadutsitsidwa molakwika kapena ndi yaifupi, ndipo kilachi yanu yakhala ikupsa pakona iliyonse.

Chinthu chimene ndimafuna wakabaza aliyense atachidziwa ndi ichi: mpata uja sukhala malo amodzi, umasuntha, ndipo mbali imene ukusunthira imakuuzani chimene chikutha. Mapuleti akamadyeka, mulu umaphwa, ndipo pa njinga ngati yanu zimenezi zimadya mpata. Liva imayamba kuthina yokha popanda munthu kuikhudza, ndipo njinga imayamba kugwira liva ili kutali, mutatsala pang'ono kuisiyiratu. Munthu akapanda kubwezera mpata, kamkono ka pa injini kamene kebulo imakoka kamayamba kutsamira pa kilachi nthawi zonse, kuterera kumayamba, kutentha kumadya mapuleti msanga, mpata umatheratu. Kilachi zambiri zimene ndimatsegula sizinafe ndi ukalamba, zinafa chifukwa palibe anazungulizako kabawuti kaja kawiri nthawi idakalipo. Mpata ukamakula wokha, nkhani ndi ina: kebulo ikutamuka, kapena mawaya ake ayamba kuduka limodzilimodzi. Ukakula mwadzidzidzi tsiku limodzi, kagulenitu kebulo, chifukwa yatsala pang'ono kukusiyani panjira muli ndi kasitomala.

Kebuloyo muionenso bwino, musangoitchuna. Ichotseni ku liva muone pamutu pake ngati mawaya sanayambe kumwazika. Ikokeni ndi dzanja, iyenera kuyenda mosavuta m'chikopa chake. Kebulo yadzimbiri kapena yodzaza dothi la nthawi ya mvula imatha kukakamira pobwerera, ndipo kamkono ka pa injini sikafika kumalo ake. Pamenepo liva kudzanja imaoneka ngati ili ndi mpata, chonsecho kilachi ili yogwidwa theka. Pitani pa kamkonoko mukakankhe ndi chala. Kayenera kugwedezeka pang'ono momasuka kasanayambe kulimba. Onaninso liva yeniyeniyo. Yopindika chifukwa cha kugwa imafika pahandulo msanga, ndipo yakutha pabowo la bawuti imawononga theka la ulendo wake n'kugwedera. Zonse ziwirizi zimabweretsa kukoka kumene mapuleti alibe nako mlandu.

Mukakonza mpata, bwererani pamsewu muja muyesenso giya yomaliza. Ngati kuterera kwatha, yesani kukoka. Imikani njinga pa sitandi yapakati kuti tayala lakumbuyo likhale m'mwamba, injini yotentha ikulira payokha, gwirani kilachi, lowetsani giya wani. Tayala likazungulira pang'ono musadandaule, oyilo amene ali pakati pa mapuleti amakoka ndithu, makamaka kukazizira. Pondani buleki yakumbuyo mopepuka. Tayala liyenera kuima popanda injini kusintha mawu. Ngati injini ikufota kapena kuzima, kilachi siikulekana. Muonetsetse kuti injini siikulira mokwera kwambiri payokha, chifukwa aidulo yokwera imavutitsanso nyutulo. Pa injini izi imayenera kukhala cha pa 1,400 pamphindi. Yesaninso kufuna nyutulo injini ili yozima mukugwedeza njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Ikapezeka mosavuta injini itazima koma n'kumakana ikamalira, ndi kilachi. Ikamakana ngakhale injini itazima, vuto lili ku shafuti ya magiya kapena m'bokosi la magiya momwemo, ndipo mapuleti atsopano sangathandize.

Pali kuyesa kumodzi kumene kumathetsa nkhani ya kebulo. Masulani manati apansi mpaka kebulo ilendewere ndithu, kamkono kakhale komasuka kotheratu, mongotsala mpata woti muthe kunyamukira ndi kulowetsa magiya mosamala pamsewu wopanda anthu. Mukatero masipuling'i akupanikiza ndi mphamvu zawo zonse, palibe chikuwaletsa. Ikatererabe, palibe kutchuna kulikonse kumene kungaichize. Chimodzimodzinso mbali inayo: ngati pa mamilimita 10, kebulo ndi liva zili bwino, ikukokabe, vuto lili m'kati. Ndipo ngati mwapeza kuti mukathina pang'ono kuti nyutulo ipezeke imaterera, mukamasula kuti igwire imakoka, ndiye kuti malo apakati aja anatha. Ndikuopa kuti apa ndi pamene inu muli, koma ndingakondwe rula itanditsutsa, chifukwa zimachitika ndithu kuti munthu anangomasula mopitirira.

Nkhani ya oyilo si nthano, koma anthu amaikulitsa. Si oyilo aliyense wa galimoto amene amatereretsa kilachi. Oopsa kwambiri ndi opyapyala aja a magalimoto amakono, monga 5W-30 kapena 0W-20, makamaka amene pachizindikiro chozungulira cha kuseri kwa botolo palembedwa Energy Conserving kapena Resource Conserving. Amenewa amaikamo mankhwala ochepetsa kukhulana kwa zitsulo kuti galimoto isamwe mafuta ambiri. Kilachi ya galimoto ili kunja kwa oyilo, ndiye sizikuikhudza, koma yanu imadalira kukhulana komweko. Pabotolo la oyilo wa njinga muyang'ane mawu akuti JASO MA kapena JASO MA2. Wolembedwa JASO MB ndi wa tinjinga tija tosasintha magiya, musamuthire. Vuto la wa m'botolo la pamsewu n'lakuti palibe angakuuzeni kuti muli chiyani, ndipo nthawi zina amakhala wosakaniza. Mankhwala owonjezera amene amagulitsa kuti injini isamasute nawonso asalowe m'njinga yanu.

Tulutsani kamtengo koyezera oyilo mununkhize. Fungo lopserera ndi mtundu wakuda bii pa oyilo amene sanakhalitse zikutanthauza kuti mapuleti apsa. Akamaoneka wotuwa ngati munalowa mkaka, munalowa madzi, mwina powoloka mtsinje, ndipo madzi amachititsa mapuleti kumatana ndi kukoka. Akamanunkha petulo, kabuleta ikudontheza mafuta m'injini. Oyilo wolemera kwambiri, wakale kapena wodzaza mopitirira mzere amawonjezeranso kukoka. Poyeza, njinga iime choongoka ndipo kamtengo kangokhala pakamwa osakapotokoza.

Funso loti mudzifunse ndi la nthawi yake. Ngati kuterera kunayamba masiku ochepa mutathira oyilo uja, ndipo kale kunalibe, khuthulani injini ili yotentha, thirani wa njinga wa 20W-50 kapena amene buku la njinga yanu limanena, muyende naye masiku angapo mopanda katundu wolemera. Ikachira, mwapulumuka ndi mtengo wa lita imodzi. Ena amafunika kusinthanso kachiwiri kuti wakale atsukike m'fayiba. Koma ngati kuterera kunalipo kale, kapena masiku apita palibe kusintha, lekani kuwononga ndalama pa oyilo. Komanso oyilo woterera sangakhale chifukwa cha zonse ziwiri, kuterera ndi kukoka, pa mpata woyenera. Zimenezo zimaloza ku chitsulo chopindika.

Mwezi wina kunabwera mnyamata ku galaja kwanga ndi njinga yofanana ndi yanu, amene amanyamula makala ndi matumba a mbatata. Madandaulo ake anali omwewa. Liva inali ndi mpata pafupifupi mamilimita 35, chifukwa ankangomasula tsiku ndi tsiku. Nditaubweza pa 15 nyutulo inayamba kupezeka movutikira, koma pa sitandi buleki inkafotsabe injini, ndipo mu giya yomaliza inkakuwa. Oyilo ankanunkha kupserera. Tinakhuthula, tinachotsa kiki, tinatsegula chivundikiro.

Mapuleti a fayiba a injini imeneyi akakhala atsopano amakhala mamilimita 2.9 mpaka 3.0, ndipo buku la CG125 limati akafika 2.6 atayidwe. Kusiyana kwa yatsopano ndi yakutha sikukwana n'theka la milimita lomwe, diso silingaone, pamafunika veniya, chipangizo choyezera kukhuthala kwa zinthu. Ake anayeza 2.7, 2.7, 2.6, 2.5 ndi 2.6, poyeza malo angapo pa puleti iliyonse. Atatu anali akuda ndi onyezimira, timipata ta pakati pa tizigawo ta fayiba titatsala pang'ono kufafanizika, ndipo chikhadabo chinkangotsetsereka pamwamba pake osakanda kanthu. Chimenecho ndicho chinali chifukwa cha kuterera.

Chifukwa cha kukoka chinali pa achitsulo. Awiri apakati anali ndi madontho abuluu ndi ofiirira, chizindikiro chakuti anatentha kwambiri. Ndinawagoneka limodzilimodzi pa galasi lokhuthala lopukuta bwino, n'kumadina m'mbali ndi chala. Yoongoka imakhala duu, yopindika imagwedera ndipo mumaimva ikugogoda pagalasi. Kachitsulo kopyapyala koyezera mpata kotchedwa filageji, ka mamilimita 0.20 amene ndiwo malire a kupindika, kanalowa pansi pa awiriwo mosavuta. Puleti yopindika imadya kampata kochepa kaja, ndiye ngakhale mugwire liva mpaka pahandulo, imakhudzabe anzake. Mukaisiya liva, imangogwira pamalo okwera okha m'malo mwa nkhope yonse. N'chifukwa chake puleti imodzi yomweyo imabweretsa matenda onse awiri.

Masipuling'i ake anayeza pakati pa mamilimita 33.6 ndi 34.0, pamene atsopano a CG125 amakhala 35.5 ndipo malire ake ndi 34.2. Kutentha kumawafooketsa n'kuwafupikitsa. Njinga zokopera zina zimasiyanako pa manambala amenewa ngakhalenso pa chiwerengero cha mapuleti, choncho werengani anu musanapite kusitolo, ndipo ngati mulibe buku, imikani sipuling'i yakale pambali pa yatsopano pagalasi pomwepo. Kusiyana kopitirira milimita imodzi, kapena anayiwo akamasiyana okhaokha, sinthani onse pamodzi.

Basiketi ndiyo imene amakaniko othamanga amaiiwala. Makutu a mapuleti a fayiba amamenya zala za basiketi nthawi iliyonse mukapatsa moto ndi kubweza, ndipo m'kupita kwa nthawi amakumba timaenje, chala chija n'kumaoneka ngati mano a sowo. Mapuleti amakodwa m'timaenjemo, osatha kusuntha momasuka, ndipo kilachi imakoka kapena kugwira modzidzimutsa. Yendetsani chikhadabo pa chala chilichonse. Ya mnyamatayu inali ndi timizere tosazama, ndinangosalaza ndi tupa yosalala, zala zonse mofanana, osadya chitsulo chambiri. Timaenje tikazama moti chikhadabo n'kukodwa, basiketi isinthidwe, chifukwa mukasema kwambiri mapuleti amayamba kugubuduka ndipo timaenje timabwerera msanga. Muonenso mizere ya pa habu imene achitsulo amayendamo, komanso nkhope ziwiri za aluminiyamu zimene zimapana mulu mbali zonse, ya habu ndi ya puleti yopanikiza. Zikadyeka mpaka kupanga kakhwawa komveka ndi chala, mapuleti atsopano amatereranso pakangopita masabata ochepa, munthu n'kumanena kuti anamugulitsa achinyengo.

Iye tinamusinthira a fayiba onse, achitsulo onse ndi masipuling'i. Ndimakana kusintha puleti imodzi kapena ziwiri za fayiba n'kusiya zina. Achitsulo okha ndi amene mungasunge ngati ali oongoka pagalasi ndipo alibe buluu wochuluka, ndipo apa ndi pamene munthu amene anatsegula msanga amapulumutsa ndalama. Mapuleti a fayiba akakhala kuti akadali 2.8 kapena kuposa koma angonyezimira, mungawakhule pang'ono pa sandipepa wosalala woyalidwa pagalasi, kuwatsuka n'kuwabwezera ndi masipuling'i atsopano. Akakhala akuda, ouma ndi onunkha, musataye nawo nthawi. Kuika mawashala pansi pa masipuling'i ndimakudziwa, kumafikitsa munthu kunyumba, koma liva imalemera, kebulo imaduka msanga, ndipo washala ikakhuthala sipuling'i imatha kuphwatalala kilachi isanatseguke, kukoka n'kuwonjezeka.

Ngati mukapereka ntchitoyi kwa makaniko, khalani pomwepo muone zinthu zingapo. Pa injini za CG, kutsogolo kwa kilachi kuli kachibakuli kozungulira kosefa oyilo kamene kamayenera kuchoka kaye, ndipo nati yake ili ndi timipata tinayi tofuna soketi yakeyake. Asaimenye ndi tchizulo. Poti katseguka kale, achotsemo matope akuda amene amaunjikana m'katimo, chifukwa fumbi lonse la mapuleti opsa lili mmenemo, atsukenso kasefa ka waya kamene kali pa chotsekera chokhuthulira oyilo. Mapuleti atsopano a fayiba anyikidwe mu oyilo yemwe muthire m'injini kwa maola angapo, usiku wonse ngati n'kotheka, chifukwa ouma amapsa ponyamuka koyamba. Mulu uyambe ndi ya fayiba n'kuthera ya fayiba. Achitsulo ali ndi mbali yakuthwa m'mphepete ndi ina yosalala, onse ayang'ane kumodzi.

Mabawuti anayi a masipuling'i amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, ili kenako loyang'anizana nalo, kubwereza mpaka onse akhale. Amalowa m'timizati ta aluminiyamu, ndipo mphamvu yake ndi yochepa, cha pa 12 N·m, ya dzanja limodzi pa sipanala yaifupi. Asanamange, aonetsetse kuti mano a puleti yopanikiza alowa bwino m'mizere ya habu. Akapanda kulowa, mulu umakhala wogwedera ngakhale mabawuti athina, ndipo kamzati kamathyoka. Gasiketi ikhale yatsopano. Silikoni wambiri ndimamuletsa pa chivundikiro chimenechi, chifukwa muli kanjira ka oyilo wopita ku kilankishafuti, ndipo kachidutswa kakatsekamo mudzalira injini yonse m'malo mwa kilachi.

Akatseka, mpata ukonzedwe mwatsopano kuyambira pansi, chifukwa mulu watsopano ndi wokhuthala ndipo malo akale a manati sakugwiranso ntchito. Masiku oyambirira mapuleti amakhazikika ndipo mpata umachepa msanga, choncho muuyeze madzulo a tsiku loyamba, kenako pakatha sabata, ndipo thumba la chimanga lidikire kaye masiku awiri kapena atatu. Kuchokera pamenepo muzingoukhudza ndi chala m'mawa uliwonse musanalize injini.

Za kayendetsedwe ndinenepo chimodzi, poti zitunda za kwanuko ndi zimene zimadya kilachi. Njinga ikayamba kulemedwa pachitunda, ambiri amagwira liva theka kuti injini ikuwe m'malo motsitsa giya. Masekondi ochepa amenewo ndi amene amapaka buluu pa mapuleti achitsulo. Tsitsani giya injini isanayambe kufota, musiye liva yonse, mukwere pang'onopang'ono mu thuu kapena mu wani. Poima pachitunda podikira mpata, njinga igwidwe ndi buleki yakumbuyo, osati ndi kilachi. Ndipo ngati katundu wolemera ndi wa tsiku lililonse, funsani sipuloketi yakumbuyo yokulirapo ndi mano awiri kapena atatu. Liwiro la pamsewu woongoka lichepako pang'ono ndipo mwina tcheni chifunika kuwonjezera, koma ponyamuka simudzafunikanso kukoka liva nthawi yaitali kuti njinga isazime.